Imelo ya 7 koloko m'mawa: ikakhala yopanda nkhani, isapite

Pa ofesi ina yomwe ndinkasamalira makompyuta, tsiku lililonse la ntchito pa 7 koloko m'mawa kunkatuluka imelo ya chidule yopita kwa akuluakulu. Bungwelo limagwira ntchito ndi makalabu a alimi. Alangizi akakhala kumudzi amalemba malipoti pa foni, monga akuti mbewu yachedwa kufika, mbozi zalowa m'chimanga, kapena kalabu yakuti ikupempha mankhwala. Malipotiwo amasonkhana pa seva, ndipo m'mawa pulogalamu imawasonkhanitsa n'kuwatumiza pa imelo imodzi kuti bwana asavutike kutsegula lililonse payekha.

M'nyengo ya dzinja imeloyo inkadzaza. Koma anthu akakolola, malipoti ankatha phwii, pomwe imelo inkapitabe m'mawa uliwonse ili ndi mutu wake, moni wake, chizindikiro cha bungwe, ndi mzere umodzi pakati wakuti lero palibe malipoti atsopano. Tsiku lina ndinaima kumbuyo kwa mayi amene ankayang'anira ntchito za kumunda pamene ankatsegula foni yawo. Chala chawo chinangokankhira imeloyo kumbali asanawerenge ngakhale mutu. Nditawafunsa anati, "Achimwene, imeneyi ndikuidziwa kale, mumakhala mulibe kanthu." Tsikulo munali lipoti la nkhokwe ya kalabu yomwe anankafumbwe anali atayamba kuiwononga.

Mayiwo sanalakwe. Pulogalamu yathu ndi imene inawaphunzitsa, m'mawa ndi m'mawa kwa miyezi, kuti imelo ya 7 koloko ndi yosafunika kutsegula. N'chifukwa chake imelo ya chidule yopanda chatsopano iyenera kudumphidwa. Munthu akaona imeloyo yafika, kufika kwakeko kuzimuuza kale kuti muli kanthu.

Pali chifukwa china chokhudza amene amatumiza kwa anthu ambiri. Munthu wotopa ndi maimelo opanda pake nthawi zambiri safunafuna polembetsa kuti asiye kulandira, amangodina batani lonena kuti imeneyi ndi sipamu. Kuyambira mu Febuluwale 2024, Google imafuna kuti otumiza maimelo kwa anthu a Gmail asafike pa madandaulo otere 0.3 peresenti, kutanthauza atatu pa maimelo 1,000 aliwonse. Mukapyola pamenepo, ngakhale maimelo anu ofunika amayamba kugwera m'bokosi la sipamu.

Maganizo odumphawa si atsopano. Pulogalamu ya cron, yomwe imayendetsa ntchito pa nthawi yoikika m'maseva a Linux, imatumizira mwini wake imelo pokhapokha ntchitoyo italemba chinachake. Ikatha mwakachetechete, cron nayo imakhala chete. Mailchimp nayo, yomwe ndi ntchito yotumizira maimelo kwa anthu ambiri, ikamatumiza nkhani zochokera ku RSS, mndandanda wa nkhani zatsopano za pa webusaiti, situmiza kanthu ngati palibe nkhani yatsopano chitumizireni komaliza. Ndiye kunena kuti tidumphe n'kosavuta. Povuta ndi pa mawu awiri, "chatsopano" ndi "palibe", chifukwa kompyuta imafuna muiuze tanthauzo lake lenileni, ndipo mukaiuza molakwika imameza uthenga popanda wina wodziwa.

Tiyambe ndi cholakwa chaching'ono chomwe ambiri amagwa nacho tsiku loyamba. Amakonza kaye imelo yonse, kenako n'kufunsa ngati ili yopanda kanthu. Imelo yokonzedwa kale siikhala yopanda kanthu, chifukwa muli moni, tsiku, ndi mawu a m'munsi aja. Funso liyenera kufunsidwa pa mndandanda wa malipoti, imelo isanakonzedwe: kodi muli malipoti angati? Ndipo liyenera kufunsidwa kwa munthu aliyense payekha, mutachotsa kale zomwe iye sayenera kuona. Pa ofesi pathu, woyang'anira chigawo chimodzi ankalandira za chigawo chake chokha. Seva ikhoza kukhala ndi malipoti 6 atsopano, onse a chigawo china. Mukawerenga musanasefe, mudzaona 6 n'kunena kuti titumize, ndipo munthuyo adzalandira imelo ya mutu ndi moni basi, yomwe ija tikuithawa.

Tsopano mawu akuti chatsopano. Chatsopano kuyambira liti? Amene analemba pulogalamu yathu poyamba anayankha mwachidule kuti n'chilichonse cha m'maola 24 apitawa. Pa seva panali mzere uwu wa cron:

```
0 5 * * 1-5 /opt/chidule/tumiza.py
```

Mzerewu ukunena kuti pulogalamu iyende pa 5 koloko, Lolemba mpaka Lachisanu. Seva inkayendera nthawi ya UTC, yomwe dziko lonse limayezerapo nthawi, ndipo kuno tili patsogolo ndi maola awiri chaka chonse, choncho 5 koloko ya seva ndi 7 koloko yathu. Pamenepa panalibe vuto. Vuto linali pa Lolemba.

Tiyerekeze kuti imelo yapita Lachisanu pa 7 koloko m'mawa. Tsiku lomwelo cha m'ma 3 koloko masana mlangizi watumiza lipoti. Loweruka m'mawa wina watumizanso lake. Lamlungu anthu ali kutchalitchi, palibe wolemba. Lolemba pa 7 koloko pulogalamu ikudzuka n'kuyang'ana maola 24 kumbuyo, ndiye kuti kuyambira Lamlungu 7 koloko m'mawa. M'menemo mulibe kanthu. Malipoti awiri aja ali kuseri kwa malire, ndipo Lachiwiri adzakhala atatalikirako. Sadzatumizidwa mpaka kalekale. Zomwezi zimachitika seva ikazima m'mawa umodzi chifukwa cha magetsi: tsiku lotsatira pulogalamu imangoona maola 24 ake, za dzana zatayika.

Vuto limeneli linalipo ngakhale nthawi yomwe tinkatumiza maimelo opanda kanthu, kungoti imelo yonena kuti palibe ikafika Lolemba, mlangizi amene analemba Loweruka akanatha kumva kwa bwana n'kutsutsa. Mukayamba kudumpha, palibenso chotsutsa, chifukwa palibe chomwe chanenedwa. Choncho musanayambe kudumpha, konzani kaye tanthauzo la chatsopano.

Njira yake ndi ya wolima amene akaweruka amasiya chizindikiro pamzere womwe walekezera, kuti mawa ayambire pomwepo, kaya mawalo likhale mkucha. Pulogalamu isunge nthawi yomwe inalekezera kwa munthu aliyense. Ikadzuka, iyambe yalemba nthawi ya tsopano, kenako itenge zonse zofika pakati pa polekezera paja ndi tsopano.

```python
for munthu in olandira:
    kale = werenga_polekezera(munthu)
    tsopano = nthawi_ino()
    malipoti = funa(munthu, kale, tsopano)
    if not malipoti:
        lemba_mkaundula(munthu, kale, tsopano, 0, "ndadumpha")
        continue
    tumiza(munthu, malipoti)
    sunga_polekezera(munthu, tsopano)
    lemba_mkaundula(munthu, kale, tsopano, len(malipoti), "ndatumiza")
```

Tibwerere ku Lolemba lija. Polekezera pali Lachisanu 7 koloko, ndiye pulogalamu ikutenga zonse kuyambira pamenepo, malipoti awiri aja alowa, imelo yapita, chizindikiro chasunthira pa Lolemba 7 koloko. Lachiwiri palibe chafika, imelo yadumphidwa, chizindikiro chakhala pomwe chinali. Lachitatu likafika lipoti limodzi, Lachinayi m'mawa lidzatengedwa, chifukwa malire akadali a Lolemba.

Taonani kuti nthawi ya tsopano ikulembedwa tisanayambe kufunafuna, ndipo ndi yomweyo imene ikusungidwa kumapeto. Kukonza ndi kutumiza maimelo kumatha kutenga mphindi zingapo. Mukasunga nthawi yomwe mwamalizira, lipoti lofika pulogalamu ili mkati mogwira ntchito limagwera pampata: lachedwa kulowa m'chidule cha lero, komanso lili kumbuyo kwa malire a mawa. Taonaninso kuti chizindikiro chikusuntha pambuyo potumiza. Seva ya maimelo ikakana, pulogalamu imaima chizindikiro chisanasunthe, ndipo ulendo wotsatira idzayesanso ndi malipoti omwewo. N'zoona kuti ikazima itangotumiza kumene koma isanasunge, munthu adzalandira zinthu zomwezo kawiri. Ine ndimalola zimenezo. Bwana kuwerenga lipoti la mbozi kawiri n'kochepa poyerekeza ndi kusaliona konse.

Anthu ena amafunsa ngati chizindikiro chiyenera kusuntha tsiku lomwe tadumpha. Ngati kunalibedi kanthu, kusuntha kapena kusasuntha sikutaya chilichonse. Koma ine ndimachisiya, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, imelo yotsatira imatha kunena pamutu pake kuti ndi malipoti a kuyambira Lolemba, zomwe zimathandiza munthu amene wakhala masiku osalandira kanthu kudziwa kuti palibe chamudutsa. Chachiwiri, tsiku lina wina adzati tisamatumize malipoti akakhala osakwana atatu, tizidikira achuluke. Ngati pulogalamu inazolowera kusuntha chizindikiro ikadumpha, malipoti awiri odikirawo adzakwiririka pomwepo. Ndipo mukaika lamulo la kudikira lotere, liikireni malire a masiku, kuopa kuti lipoti limodzi lingakhale milungu likudikira anzake.

Pali msampha wina womwe unatipweteka kwambiri, ndipo aliyense wosonkhanitsa malipoti kuchokera kumidzi adzakumana nawo. Lipoti lililonse lili ndi nthawi ziwiri: yomwe linalembedwa pa foni, ndi yomwe linafika pa seva. M'tauni nthawi ziwirizi zimasiyana ndi masekondi. Kumudzi ayi. Mlangizi amalemba Lachiwiri 4 koloko madzulo ali kudambo kopanda netiweki, foni n'kusunga. Lachitatu cha m'ma 9 koloko m'mawa wakwera njinga kupita pamsika, netiweki yagwira, lipoti lapita. Koma Lachitatu 7 koloko chidule chinali chitatuluka kale ndi malipoti a ena, chizindikiro n'kusunthira pamenepo. Lachinayi pulogalamu ikufuna zolembedwa pambuyo pa Lachitatu 7 koloko, pomwe lipoti lija lanyamula nthawi ya Lachiwiri madzulo. Kwa pulogalamu ndi lakale, ngakhale palibe munthu amene analionapo. Ngati linali lokhalo, pulogalamu idzati palibe chatsopano n'kudumpha.

Mankhwala ake ndi kuyeza chatsopano potengera nthawi yofika pa seva, yolembedwa ndi wotchi ya seva yomweyo. Wotchi ya foni musaikhulupirire pa ntchito imeneyi, chifukwa foni ikathera moto n'kuyatsidwanso kopanda netiweki imatha kuonetsa tsiku lolakwika. Nthawi yolembera ionekebe m'imelo kuti wowerenga adziwe kuti nkhaniyo ndi ya Lachiwiri, koma isakhale yosankhira zolowa. Ngati olandira onse amaona zinthu zofanana, pali njira ina yosadalira wotchi n'komwe: lipoti lililonse likhale ndi malo olembapo kuti latumizidwa, ndipo chidule chizitenga onse osalembedwa.

```sql
SELECT * FROM malipoti WHERE linatumizidwa IS NULL;
```

Njirayi ndi yolimba, koma olandira akakhala ambiri ndipo aliyense ali ndi zake, pamafunika kusunga kuti lipoti liti lapita kwa yani, ndipo kaundulayo amakula msanga.

Tsopano mawu achiwiri aja, palibe. Apa ndi pamene ndimafuna aliyense wokonza zinthu zotere akhazikike mtima, chifukwa ndi pamene kudumpha kumasanduka ngozi. Titasintha pulogalamu yathu, zinthu zinayenda bwino kwa miyezi. Mayi aja anayambanso kutsegula imelo ikafika. Kenako kunadutsa masiku angapo kuli zii. Inali nthawi ya chilimwe, ndiye aliyense anaganiza kuti alangizi alibe cholemba. Zinadziwika pamene mlangizi wina anaimba foni kufunsa chifukwa chomwe pempho lake silinayankhidwe. Titafufuza tinapeza kuti pasiwedi ya detabesi inali itasinthidwa, ndipo pulogalamu ya chidule inkakanidwa kulowa m'mawa uliwonse. M'kati mwake munali mizere yonga iyi:

```python
try:
    malipoti = funa(munthu, kale, tsopano)
except Exception:
    malipoti = []
```

Mizereyi ikuti ukalephera kufunafuna, ungoyesa ngati wapeza mndandanda wopanda kanthu. Ndiye pulogalamu ikakanidwa pakhomo, inkabwerera n'kunena kuti m'nyumba mulibe munthu. Ili ngati mwana amene mwamutuma kukaona ngati madzi akutuluka pampopi, iye n'kupeza geti lokhoma, n'kubwera kudzati madzi kulibe. Sanaone mpopi. Yankho loona likanakhala lakuti sindinathe kufika.

Choncho pulogalamu ya chidule ili ndi mayankho atatu, osati awiri. Ndayang'ana ndapeza zinthu, ndiye nditumiza. Ndayang'ana sindinapeze kanthu, ndiye ndidumpha. Sindinathe kuyang'ana, ndiye ndikuwa. Yankho lachitatuli lisaloledwe kubisala m'lachiwiri. Mizere ija tinaichotsa kuti pulogalamu ikalephera izigwa poyera, cholakwacho chilembedwe, ndipo cron itumize uthenga ku adiresi yomwe mwailembera pa mzere wake wa `MAILTO`. Chinatipulumutsa pa nthawiyo n'chakuti chizindikiro sichinkasuntha tikadumpha. Titakonza pasiwedi, malipoti onse a masiku aja anatuluka m'imelo imodzi yaitali. Chikanakhala chikusuntha m'mawa uliwonse, tikanayenera kuwafukula pamanja.

Komabe pulogalamu imakuwa pokhapokha yadzuka. Nanga ikapanda kudzuka n'komwe? Seva yazima, wina wafufuta mzere wa cron mosadziwa, kapena malo osungira zinthu adzaza. Pamenepo palibe cholakwa cholembedwa chifukwa palibe chomwe chayenda. Kwa wolandira, tsiku lopanda nkhani ndi tsiku lomwe seva yafa zimaoneka chimodzimodzi. Imelo yopanda kanthu ija, ngakhale inali yotopetsa, inkagwira ntchito imodzi mosadziwa: inkasonyeza kuti makina ali moyo. Amene amakana zodumpha nthawi zambiri akuteteza chimenechi, ndipo nkhawa yawo ndi yoona.

Koma umboni wakuti makina ali moyo ndi wofunika kwa wosamalira makina, osati kwa mayi amene akufuna kudziwa za anankafumbwe. Ndiye uchotseni m'bokosi la mayiwo muupititse koyenera. Pulogalamu ikamaliza ulendo wake bwinobwino, kaya yatumiza kaya yadumpha, izikagogoda pa khomo la mlonda wina amene ali kunja kwa seva yanu. Healthchecks.io ndi imodzi mwa ntchito zotere: imakupatsani adiresi yoti pulogalamu iziitana ikamaliza, mumaiuza nthawi yomwe iziyembekezera kuitanako, ndipo nthawi ikadutsa osamva kanthu imakutumizirani uthenga. Mlondayo ayenera kukhala kunja chifukwa akakhala pa seva yomweyo, seva ikazima naye wazima. Ndipo kugogodako kuikidwe kumapeto kwenikweni, pamalo pomwe pulogalamu imafika pokhapokha zonse zayenda. Mukakuika koyambirira, mlonda adzamva kugogoda tsiku lililonse pomwe pulogalamu ikugwa pa mzere wachitatu.

Kaundula nayenso alembedwe ngakhale tsiku lodumpha. Mzere umodzi ndi wokwanira: tsiku lakuti, munthu wakuti, ndayang'ana kuyambira nthawi yakuti mpaka yakuti, ndapeza 0, ndadumpha. Wina akabwera kudzadandaula kuti sakulandira kanthu, mzere umenewu ndi umene umakuuzani pomwe mungayambire. Ngati mizere ilipo ndipo ikunena 0 pomwe pa seva malipoti akuoneka, vuto lili pa kasefedwe kapena pa nthawi zija. Ngati mizere yalekeza tsiku lina, pulogalamu siikudzuka. Ngati ikunena kuti yatumiza, funani imeloyo m'bokosi la sipamu la munthuyo.

Ndinawonjezera chinthu chimodzi chifukwa cha zomwe zinatichitikira. Masiku odumpha akatsatizana kupyola mlingo womwe si wachizolowezi, pulogalamu imandidziwitsa ine ndekha kuti ndikaone. Mlingowo umatengera ntchito yake. Kwa ife masiku atatu a zii m'mwezi wa Januwale, chimanga chili m'munda, ndi chizindikiro chakuti chinachake chaduka, mwina mafoni a alangizi aleka kutumiza. Masiku omwewo mu Ogasiti si nkhani.

Si chidule chilichonse choyenera kudumphidwa. Pali malo pomwe mawu akuti palibe ndiwo nkhani yeniyeniyo. Wosamalira ndalama amene ayenera kutsimikiza m'mawa uliwonse kuti palibe malipiro omwe akanidwa usiku amafuna kuona mawuwo ndi maso, mwinanso kuwasunga kuti adzaonetse owerengera mabuku. Kwa iye imelo yonena 0 ili ndi kanthu. Funso lomwe ndimafunsa wolandira ndi lakuti: imeloyi ikafika yonena kuti palibe, pali chomwe mumachita nayo? Akati amaisunga kapena amasainira, ipitirire, koma chiwerengerocho chikhale pamutu penipeni kuti asavutike kutsegula. Akati amangoifufuta, idumphidwe.

Ndipo tsiku lomwe mukusintha, auzeni anthu. Munthu amene wazolowera imelo ya 7 koloko kwa chaka akaiona yasowa amaganiza kuti wachotsedwa pa mndandanda. Ife tinaika chiganizo chimodzi m'munsi mwa chidule chilichonse chonena kuti imeloyi imabwera pokhapokha pali malipoti atsopano. Tinasinthanso mutu wake kuti uzinena chiwerengero ndi tsiku loyambira, monga "Malipoti 3 atsopano kuyambira Lachisanu", kuti mayi aja akangoyang'ana pa foni adziwe kukula kwa chomwe chikuwadikira asanatsegule.

Musanakhulupirire kuti zatheka, yesani njira zitatu zija ndi manja anu. Ikani lipoti limodzi loyeserera, yendetsani pulogalamu, imelo ifike. Yendetsaninso nthawi yomweyo, isafike, koma m'kaundula muoneke mzere wa 0 ndipo mlonda wa kunja aonetse kuti wamva kugogoda. Kenako lembani dala pasiwedi yolakwika ya detabesi n'kuyendetsa kachitatu. Apa olandira asalandire kanthu, chizindikiro chisasunthe, mlonda asagogodedwe, ndipo foni yanu ilire. Ikapanda kulira, bwererani mukafune pomwe cholakwacho chamezedwa.